Fungo la Kapenta Pakhoma

Tinasamukira ku Railways, dera la nyumba za kampani ya sitima ku Kabwe, mwana wanga woyamba ali wakumsana. Atate ake anali atangokwezedwa pantchito kukhala gadi wa sitima ya katundu, ndipo masiku amenewo nyumba zimene azungu anasiya zinkapatsidwa kwa anthu ngati ife. Ine ndinali ndisanagonepo m'nyumba ya magetsi. Kwathu ku Katete tinkaunikira koloboyi, ndipo kukomboni kumene tinayambira banja tinkagula makandulo. Tsiku loyamba ndinayenda chipinda ndi chipinda, kuyatsa ndi kuzimitsa, mpaka amuna anga anandiuza kuti ndisiye zachimidzi, anthu akuona pawindo.

Maswichi a m'nyumbamo anali ozungulira, ofiirira, aliyense atakhala pakathabwa kake pakhoma. Chivindikiro chake chinkachoka ukachizunguza ngati cha botolo, mawaya n'kutsala m'malo mwake osakhudzidwa. Soketi inali imodzi yokha, pabalaza, m'munsi pafupi ndi simenti. Inali yoyererako ngati mkaka wogona, ya mabowo atatu ang'onoang'ono ozungulira. Ndikhulupirira mzungu amene ankakhalamo kale ankangolumikizapo wailesi.

Ife tinaipatsa ntchito zonse. Amuna anga anagula simbi ya magetsi ndi kachitofu ka mphika umodzi. Mapulagi ake anali a mano amakona, osalowa m'mabowo ozungulira aja, choncho iwo anawamasula n'kuwaponya m'kabati, mawaya n'kumawalowetsa m'mabowomo ndi kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi. Kawaya kopyapyala ka m'bokosi la magetsi pakhonde, kamene amati fyuzi, katayamba kudukaduka, anaikapo waya wonenepa. Anati tsopano zatha. Ine sindinaone cholakwa, poti magetsiwo ndinali nditangowadziwa kumene.

Kusita kunali kwa tsiku ndi tsiku. Malaya a yunifomu ankafuna kukhala osalala, buluku likhale ndi mzere woti n'kudulira nyama. Pamwamba pa izo panali matewera, chifukwa thewera louma panja ukapanda kulisita, ntchentche imasiyamo mazira, mwana n'kutuluka mphutsi pakhungu. Simbi inkayaka kuchokera dzuwa litapendeka mpaka mthunzi wa mango utafika pakhonde.

Fungo linayamba pang'onopang'ono. Linali la nsomba, ngati kapenta amene wanyowa n'kuiwalidwa m'thumba. Linkabwera madzulo, m'mawa osamveka. Ndinaganiza za mbale, ndinazikwecha ndi phulusa. Ndinaganiza za khoswe wofera kudenga, ndinapempha mwamuna wa mnansi wanga kukwera, sanapeze kanthu. Ndinachapa makatani, ndinatulutsa mipando padzuwa, ndinapaka polishi wofiira mpaka maondo anachita zikanga. Kapenta ndinasiyiratu kugula, ngakhale kuti masiku amenewo ndiye ankatisunga pakati pa mwezi. Tinkadya nyemba ndi repu, koma nyumba ikununkhabe nsomba.

Amuna anga ankafika pakhomo fungolo litakwanira bwino. Ankaima pachitseko, chipewa chili m'manja, n'kukoka mpweya.

"Amake mwana, kodi m'nyumba ya kampani muno mwatsegula msika wa kapenta?"

Poyamba ankanena moseka. Pambuyo pake anasiya kuseka.

Kenaka apongozi anga anabwera kuchokera kumudzi kudzaona mdzukulu ndi nyumba imene mwana wawo analemba kuti ili ndi bafa mkati. Anali mayi waukhondo, woti bwalo lake lili losesedwa nkhuku zisanatsike. Sanandinene pamaso. Iwo ankalankhula ndi khanda, ine ndili pomwepo ndi simbi m'manja. Ankalidumphitsa pamiyendo n'kumati, "Mwamuna wanga, tiye kumudzi. Kuno mphuno zako ziola usanamere mano."

Lachinayi lina amayi a kumpingo anadzacheza, poti anamva kuti kwabwera alendo. Ndinawaphikira tiyi pakachitofu kaja. Tinapemphera, tinaimba, koma ndinaona mmodzi akukoka chitenje kufikitsa pamphuno ngati akupukuta thukuta. Pochoka, wina anandisiyira sopo wa mtanda pawindo la kukhitchini. Sopo nthawi imeneyo ankavuta, tinkachita kuimira pamzere. Munthu woti wakusiyira sopo wake wakuuza zambiri.

Ndinadziwa pamenepo kuti nkhani yafika pa dzina langa. Mkazi akatchedwa wauve, dzinalo limafika kwawo iye asanafike, ndipo likafika silibwerera. Apongozi anali atayamba kale kufunsa mwana wawo kuti kodi alangizi amene anandilanga pokwatiwa anali ochokera kuti.

Fungolo ndinalipeza nditagwada. Ndinali nditangomaliza kusita ndipo ndinkapukuta m'mbali mwa khoma. Mphuno itafika pa soketi, ndinabwerera m'mbuyo. Ndinaigwira ndi kuseri kwa dzanja, inali yofunda ngati mphumi ya mwana wodwala malungo. Bowo limodzi linali litada m'mphepete, ndipo mng'alu unachoka pabowopo kupita m'mwamba.

Ndinadikira amuna anga adye, ndiye ndinawauza. Anapita kukanunkhiza, koma khoma linali litazizira kale. Apongozi anaseka, nati aka n'koyamba kumva khoma lodya nsomba. Amuna anga anaona mng'alu uja, nati mwina mphemvu zimalowa pamenepo ndi nyenyeswa zimene ine sindisesa. Ndinanena kuti tikanauza ofesi ya nyumba atitumizire wamagetsi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Wamagetsi wa chiyani? Ndi chivindikiro chabe ichi. Mphika ukasweka chivindikiro mumaitana wosula?"

Chifukwa chenicheni ndinachidziwa bwino lomwe. Wamagetsi akanaona timitengo ta machesi ndi waya wa m'bokosi uja, nkhani ikanamveka kuntchito, ndipo iwo anali asanathe chaka paudindo watsopano. Anandituma kuti m'mawa ndipite kutauni ndikagule chivindikiro cha soketi, ndi china cha swichi ya kuchipinda imene inali yothethekanso.

Mnansi wanga, mayi wa mtundu wa Chilenje yemwe anakhalitsa m'nyumba zimenezi, anandilangiza kuti munthu sapita kusitolo ndi pakamwa pokha. Anandionetsa chogwirira chachikulu cha pabokosi la pakhonde, chimene ukachitsitsa nyumba yonse imazima. Ndinachitsitsa, ndinayesa nyali kuti ndione kuti zazimadi, kenaka ndinazunguza chivindikiro cha swichi chija n'kuchimanga pansonga ya chitenje. Soketi sindinaikhudze. Ndinangoyeza kukula kwake ndi kachingwe.

M'sitolo ya zitsulo munali bambo wina wachikulire wogulitsa, mwana wa anthu a ku Nyasalande amene anabwera kumgodi kalekale. Atamva kalankhulidwe kanga anasiya Chibemba n'kuyamba chathu. Chivindikiro cha swichi anachipeza m'katoni ya zakale pansi pa shelefu. Anachiyesa pa swichi ina kuti aone ngati mazinga ake akugwirana, nati chimenechi ndikhoza kuikako ndekha, bola nditsitse chogwirira ndipo manja akhale ouma.

Maso anga anali pa zina zachitsulo, zonyezimira ngati supuni zatsopano, zimene zinapachikidwa pamwamba. Ndinaganiza kuti apongozi akaona chotere pakhoma mwina mtima wawo utsika. Bamboyo anapukusa mutu. Anati m'nyumba zakale zija, kumaswichi a nyali sikupita waya wachitatu wothawitsira magetsi pansi, ndipo chachitsulo popanda wayayo ndi msampha: waya wamoto ukachikhudza mkati, woyamba kuyatsa nyali ndiye ndiwo.

Tinafika pa soketi. Za mabowo ang'ono ozungulira anati zinatha, ndipo chitsekereni malire a dziko lathu a kumwera katundu wotere sabweranso. Zimene zinalipo zinali zoyera, zamakona anayi, za mabowo amakona. Anatembenuza imodzi kundionetsa kumbuyo kwake. Kunali timabowo titatu ta mkuwa, kalikonse ndi kasikuluwu kake.

"Mayi, ichi anthu amachitcha chivindikiro, koma si chivindikiro ayi. Soketi yake ndi yomweyi. Mawaya amamangidwa pamsana pakepa. Mukachotsa chakale ndiye kuti mwamasula magetsi."

Anafunsa chimene chavuta ndi yakaleyo. Ndinamuuza za mng'alu, za kuda kwa pabowo, za kufunda. Za fungo ndinachita manyazi, koma anafunsa yekha ngati sikumveka kafungo ka nsomba. Ndinavomera. Anati zinthu zimenezi zikamapsa mkati zimanunkha choncho, ndipo ine sindine woyamba kukwecha nyumba pachabe. Anati chivindikiro chongosweka ndi mpando kapena tsache munthu akhoza kusintha, koma pamene pada, pakufunda kapena pakununkha, vuto lili m'mawaya, pamenepo mpofunika wamagetsi. Anawonjeza kuti yamakonayo imafuna kabokosi kake kumbuyo, siikhala pakathabwa, ndiponso mawaya a soketi yaing'ono ija mwina ndi owonda, osayenera chitofu.

Ndinagulabe, poti ndinatumidwa. Ndinabwerera wapansi, mwana ali kumsana, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri. Ndinkaganiza kuti ndanyamula umboni.

Chivindikiro cha swichi ndinaikako ndekha ndisanakweze chogwirira, ndipo chinakhala bwinobwino mpaka tinachoka m'nyumbayo. Madzulo ndinafotokoza mawu a wogulitsa uja onse, mwaulemu, nditakhala pansi. Amuna anga anati munthu wa m'sitolo ntchito yake ndi kuopseza akazi kuti agule zambiri. Anati iwo tsiku lililonse amayenda ndi sitima yotalika kuposa msewu wathu wonse, sangalephere kanthu kokwana m'dzanja. Apongozi anavomereza ndi mutu. Sindinafune kuwakumbutsa kuti pasitimapo zida zawo ndi wezulo ndi mbendera.

Loweruka masana anavula malaya n'kutsala ndi vesiti. Chogwirira anatsitsa, pamenepo ndisawanamizire. Apongozi anakokera mpando pafupi kuti aone mwana wawo akugwira ntchito ya azungu. Ine ndinagwirizira mbale yoikamo masikuluwu.

Atamasula soketi yakale, kumbuyo kwake kunali kwakuda ngati pansi pa mphika. Mphira wokutira mawaya unkayoyoka akangoukhudza, ngati makoko a nsawa zokazinga. Wofiira ndi wakuda sankasiyanitsikanso, onse anali makala. Panalinso waya wina wopanda chokutira. Amuna anga anauyang'ana, nati uwu ulibe ntchito, n'kuupindira m'khoma. Awiri aja anawapala ndi mpeni, anakulunga tepi pamene mphira unagwa, n'kuwalowetsa m'timabowo ta mkuwa mongoganizira. Soketi yatsopano inakana kukhala pakathabwa monga ananenera wogulitsa. Anakumba kathabwako ndi mpeni womwewo mpaka inalowa theka, n'kuikhomera ndi masikuluwu a matabwa, itapendekeka pang'ono. Anabwezera mapulagi pa simbi ndi pachitofu, anakweza chogwirira, simbi inatentha. Apongozi anaomba m'manja ndi kutchula mfunda wa mwana wawo.

Pakhoma panayera. Masiku angapo fungo silinamveke, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina wogulitsa uja anakokomezadi. Kenaka linabwerera, loposa kale.

Apa ndiye ndinagwa. Chikhala kuti soketi yakale ija inasiyidwa, bwenzi ndikuloza mng'alu ndi kuda kwake. Tsopano ndikanaloza chiyani, poti pakhoma panali chinthu chatsopano, choyera, choikidwa ndi mwini nyumba? Kunena kuti fungo likuchokabe pamenepo kunali kunena kuti amuna anga analephera, pamaso pa mayi awo. Ndinayesa kamodzi, ndinawapempha aigwire amve kufunda. Anati chinthu cha magetsi chimafunda, ndiyo ntchito yake.

Apongozi ananena ndi khanda, monga mwa masiku onse: "Khoma talisintha, mwamuna wanga. Kwatsala chiyani m'nyumba muno chosasinthidwa?"

Asanabwerere kumudzi anakonza zoti ndilangidwenso. Anakambirana ndi ankhoswe athu, amalume awo a amuna anga okhala kukomboni ya Natuseko, ndipo kunabwera amayi awiri achikulire a kumpingo. Anatseka chitseko cha kuchipinda, anandikhazika pamphasa, miyendo yotambasula, maso pansi, ngati namwali wa dzulo. Anayamba ndi mbale ndi matewera. Kenaka anatsitsa mawu n'kuyamba kundifunsa za thupi langa, mmene ndimasambira chibadwire mwana, nsalu zanga ndimaziyanika kuti. Apa mpamene ndinamvetsa chimene anthu ankaganiza akamva fungo la nsomba m'nyumba mwa mkazi wachitsikana. Ndinali ndisanaganizeko n'komwe. Miyezi yonse ija ndikukwecha simenti, anzanga ankanena za ine mwini.

Wolangidwa satsutsa alangizi. Ndinaomba m'manja kuthokoza, ndinawaphikira, ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Apongozi anakwera basi m'mawa mwake, nkhani yawo ili yokwanira.

Patangopita sabata, ndikusita matewera dzuwa litangopendeka, ndinamva kuthetheka kwapansipansi ngati mafuta m'chiwaya. Kuseri kwa soketi yoyera ija kunkatuluka utsi wopyapyala, ukukwera khoma. Mwana anali atakhala pansi chapafupi, akuseweretsa chitini. Ndinamunyamula ndi dzanja limodzi, ndinathamangira pakhonde n'kutsitsa chogwirira. Sindinathirepo madzi, mnansi uja anali atandichenjeza kale za zimenezo. Ndinaima n'kuyang'ana mpaka utsi unaleka. Amuna anga anali paulendo wa kumpoto, obwera mawa lake. Ndinabereka mwana n'kupita ku ofesi ya nyumba popanda chilolezo cha munthu.

Wamagetsi anabwera tsiku lomwelo panjinga, thumba la zida lili kumbuyo. Anali Mbemba wamtali, wosakonda kuseka. Atamasula soketi, kumbuyo kwake kunali kutasungunuka mbali imodzi, kathabwa katapserera. Anati waya wina unali wosamangika, unkangogwedera m'kabowo kake, ndipo pogwedera mpamene pamabadwira moto. Anatulutsa waya wopindidwa uja m'khoma n'kuugwedeza pamaso panga, nati uwu ndiwo ukanandipulumutsa simbi ikanalakwa. Atatsegula bokosi la pakhonde n'kuona waya wonenepa pa fyuzi, anatukwana m'Chibemba.

"Bamayo, ndani wachita izi? Mufuna kuwotcha mwana?"

Ndinangoti sindidziwa, tinazipeza choncho. Anayang'ana soketi yatsopanoyo, anandiyang'ana ine. Anati akazi a masiku ano tikangoona magetsi timayesa mbaula, chilichonse kusonkhezera. Anandikalipira nthawi yaitali, ine nditaima ndi mwana, ndikuvomera. Mkazi savula mwamuna wake pamaso pa mlendo, amayi aja anali atangondikumbutsa kumene.

Ntchito inatenga masiku awiri. Anakoka mawaya atsopano onenepa kuchokera kubokosi, anaika kabokosi pakhoma, soketi ina, ndi fyuzi yake yoyenera. Tsiku lachiwiri, ndikumupatsa madzi, ndinalimba mtima n'kumufunsa ngati kupsa kotere kumanunkha. Anati inde, ngati nsomba yoola, aliyense wa ntchito yawo amadziwa. Ndinamupempha chinthu chimodzi: kuti mwini nyumba akafika, anene mawu omwewo iwo akumva.

Ananenadi. Amuna anga anali atafika masana, ndipo poona kuti palibe amene wawatchula, anamasuka. Anaima pakhonde ndi wamagetsiyo, akudandaula limodzi za nyumba zakale ndi mawaya a nthawi ya atsamunda. Wamagetsi atanena za fungo, iwo anati, "Ee, n'zoona, ine ndinazikayikira kale," n'kufunsa za mpira wa Lamulungu. Anandiitana kuti ndibweretse tiyi.

Fungo linatha tsiku limenelo ndipo silinabwererenso. Ndinadikira masiku angapo kuti mwina amuna anga anena kanthu. Ataona kuti ndikuwayang'ana kwambiri, anafunsa chimene chavuta. Ndinapempha kuti atumize mawu kwa mayi awo, ndi kwa amalume ku Natuseko, kuti linali khoma. Anati zinthu zakonzeka, kuutsanso nkhani n'kufuna chiyani. Anati mayi ndi munthu wamkulu, sungawauze kuti analakwa. Nditaumirira pang'ono, anandikumbutsa kuti ndinapita ku ofesi osawauza, ndipo iwo sanandiimbe mlandu, choncho tisiyane pomwepo.

Kumpingo nkhani inayenda mwa njira yake. Amayi anaona kuti nyumba yasiya kununkha patangopita masiku ochepa chilangidwire, ndipo anayamikira amayi awiri aja kuti ali ndi mphatso. Mmodzi wa iwo anandigwira dzanja potuluka m'tchalitchi, nati, "Waona, mwananga? Kumvera kulibe mtengo." Pambuyo pake ankatumidwa kwa atsikana ena, ndipo ndinamva kuti ankanditchula ngati chitsanzo cha mkazi amene anasintha. Mnansi wanga yekha ndiye ankadziwa, koma iye sanali wa mpingo wathu, ndipo mawu ake sankafika kumene ankafunika.

Ndinabereka ana ena m'nyumba imeneyo. Ndinaphunzira kusintha chivindikiro cha swichi, kumanga pulagi, kuika fyuzi ya muyezo wake. Ndikamva soketi yafunda ndinkapita ku ofesi ndekha, ndipo amuna anga anasiya kufunsa kuti ndatumidwa ndi yani. Apongozi sanabwerenso ku Kabwe. Ankati ulendo ndi wautali, ndipo akafuna adzukulu ankaitanitsa kuti apite ndi atate awo.

Apongozi atamwalira, tinapita tonse kumaliro. Monga mtengwa ndinapatsidwa ntchito yotsuka mbale kuseri kwa nyumba, ndipo ndinatsuka kuyambira m'mawa, ndi mchenga ndi sopo amene ndinabwera naye ndekha. Ndinkazisanja pathandala kuti ziume. Nditabwerera kuchitsime ndi ndowa pamutu, ndinapeza alamu anga aakazi awiri atatsitsa mbale zonse zija, akuzitsukanso m'beseni lina. Atandiona sanasiye. Wamkuluyo anandiuza mokoma mtima kuti ndatopa, ndikakhale pamthunzi, mbale za alendo azisamalira okha.

Ndinatula ndowa n'kukakhala pamthunzi.